Imelo ya ndime zisanu ija: mafunso ndi mayankho a momwe mungaifupikitsire kuti chigamulo chikhale pamwamba

Kwa zaka zingapo ndinali mlembi wa sikimu ina ya mthirira m'mbali mwa mtsinje wa Shire, pakati pa Nchalo ndi Ngabu. Ntchito yanga yambiri inali kulembera akuluakulu a bungwe lomwe linkatithandiza, omwe ofesi yawo inali ku Blantyre. Mafunso ali m'munsimu ndi omwe alembi anzanga, aphunzitsi aakulu ndi makalaliki a kuno ku Chigwa akhala akundifunsa, ndipo onse ndawayankha pogwiritsa ntchito imelo imodzi yomwe ndinalemba ndekha n'kundichititsa manyazi.

Kodi imelo yaitali yalakwa chiyani? Si bwino kufotokoza zonse?

Ndiyambe ndi kukuonetsani imeloyo. Ndinailemba Lachiwiri lina mu Sepitembala, pampu yathu ya sola itafa dzulo lake. Pa mutu ndinalemba kuti "Lipoti la sikimu", ndipo m'katimo munali izi:

> Okondedwa Bwana,
>
> Choyamba ndikupatsani moni m'dzina la komiti yonse ya sikimu yathu. Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi onse ku ofesi. Kuno tili bwino, kupatula kutentha komwe kwayamba msanga chaka chino. Tikuthokozanso chifukwa cha ulendo wanu wa mwezi watha, alimi adakali kusimba za malangizo omwe munatipatsa.
>
> Monga mukudziwa, sikimu yathu ili ndi alimi 64 ndipo chaka chino tadzala chimanga pa mahekitala 12. Namondwe wa Freddy atatiwonongera ngalande mu 2023, alimi anadzipereka kuzikonza ndi manja awo, ndipo bungwe lanu linatithandiza ndi simenti. Kuchokera nthawi imeneyo ntchito yakhala ikuyenda bwino ndipo zopereka za mamembala zafika pa K310,000.
>
> Lolemba m'mawa amene amayang'anira pampu anapeza kuti madzi sakutuluka ngakhale dzuwa linali litakwera. Anayang'ana mapanelo ndi mawaya koma sanaone vuto. Tinaitana mmisiri wa ku Nchalo yemwe anafika madzulo pa njinga yamoto, ndipo atatsegula anapeza kuti mchenga unalowa n'kuwononga zipangizo za m'kati mwa pampu.
>
> Komiti inakumana usiku womwewo. Ena anati tigule pampu yatsopano, yomwe ndi K2,300,000 ndipo ingafike pakatha masabata atatu. Ena anati tikonzetse yomweyi pa K480,000, ndipo mmisiri wati zipangizo zili ku Limbe, akhoza kumaliza m'masiku awiri. Tinakambirananso za mlonda ndi za ng'ombe zomwe zikulowa m'minda. Pamapeto ambiri anagwirizana ndi zokonzetsa.
>
> Choncho tinaona kuti ndi bwino tikudziwitseni za nkhaniyi kuti mwina muone mmene mungatithandizire pa nthawi yanu, poganizira kuti chimanga chayamba kumasula ndipo mmisiri akupita ku Limbe Lachisanu m'mawa. Tidzathokoza kwambiri thandizo lililonse. Ambuye akudalitseni.

Mawu oposa 200, ndipo mulibe bodza ngakhale limodzi. Yankho linabwera tsiku lomwelo madzulo, lalifupi: athokoza, lipoti alandira. Ine ndinakhala pansi pa mtengo wa nimu pa ofesi yathu n'kumawerenga yankholo mobwereza, kufunafuna pomwe atchula za pampu. Panalibe. Pambuyo pake ndinamva kuti bwanawo anawerengera imeloyo pa foni ali m'galimoto, anaona mutu woti lipoti, anaona moni ndi mbiri ya ngalande, n'kuganiza kuti ndi lipoti la pamwezi lomwe akaliwerenga bwino akakhala pansi.

Sindingawaimbe mlandu. Chimene ndinkafuna kwa iwo ndinachiika m'ndime yachisanu, ndipo ngakhale m'menemo sindinachitchule. Werengani ndimeyo kachiwiri: ndalama zake palibe, tsiku loti ayankhire palibe, ndipo mawu oti "pa nthawi yanu" akuwauza kuti asafulumire. Vuto la imeloyi silinali kutalika kokha. Inayenda monga mmene zinthu zinachitikira, kuyambira 2023 mpaka Lolemba usiku, pomwe woiwerenga ankafunika kudziwa chinthu chimodzi: akufuna ndichitenji, ndipo liti?

Ndiye chigamulo chomwe mukuti chikhale pamwambacho ndi chiyani kwenikweni?

Ndi chinthu chimene woŵerengayo ayenera kuvomera, kukana kapena kusankha akamaliza kuwerenga. Nthawi zina chigamulocho mwapanga kale inu ndipo mukungowauza kuti asinthe zochita zawo, monga kuti msonkhano wa makolo wasunthidwa kuchoka Lachitatu kupita Lachisanu. Nthawi zina, monga pa nkhani ya pampuyi, chigamulo chili m'manja mwawo ndipo inu mukuchipempha. Konsekonse chimakhala ndi miyendo itatu: ndani achite, achite chiyani, pofika liti. Ngati pali ndalama, chiwerengero chake ndi mwendo wachinayi.

M'Chichewa mawu oti "chiganizo" amatisokoneza pang'ono, chifukwa kusukulu chiganizo ndi mzere wa mawu wothera pa mpumiro, pomwe ku komiti chiganizo ndi mfundo yomwe anthu amanga. Pa nkhani inoyi kusokonezekako n'kothandiza. Ngati chiganizo cha komiti sichikukwana m'chiganizo chimodzi cha pa pepala, ndiye kuti simunayambe mwadziwa chomwe mukufuna, ndipo musalembe kaye.

Ndingachipeze bwanji m'kati mwa ndime zisanu zomwe ndalemba kale?

Yambirani kumunsi. Ambiri a ife timalemba poganiza, ndipo timafika pa chomwe tikufuna titatopa kale, m'ndime yomaliza kapena yotsatana nayo. Fufuzani mawu monga "choncho", "pa chifukwa ichi", "ndiye tinaona kuti", "pomaliza". Chomwe chili kutsogolo kwa mawu amenewa ndicho chinakukhazikani pansi kuti mulembe.

Mukachipeza, nthawi zambiri chimakhala chitafunda nsalu zambiri. Changa chinati "mwina muone mmene mungatithandizire". Kuti muchivule, yerekezani kuti bwanayo mwakumana naye pa Dyeratu ali kale m'minibasi, kondakitala akumenya chitseko kuti tiyeni. Mungamuuze chiyani pa windo? Simunganene za kutentha kapena za simenti. Munganene kuti: "Bwana, pampu yafa, tikufuna muvomereze K480,000 pofika Lachinayi." Mawu a pa windo amenewo ndiwo alembedwe poyamba.

Onani kuti tsiku la Lachinayi mu imelo yakale munalibe. Munali Lachisanu, tsiku lomwe mmisiri akupita ku Limbe. Kuti iye anyamuke Lachisanu m'mawa ali ndi ndalama m'thumba, yankho liyenera kufika Lachinayi ofesi isanatsekedwe. Masamu amenewa ndi anu, musawasiyire woŵerenga.

Tionetseni yofupikitsidwayo.

Pa mutu: "Chilolezo cha K480,000 yokonzetsera pampu, pofika Lachinayi pa 12 Sepitembala". M'kati:

> Bwana, ndikhulupirira muli bwino.
>
> Tikupempha kuti muvomereze K480,000 yokonzetsera pampu ya sikimu, ndipo yankho litipeze pofika Lachinayi pa 12 Sepitembala, 4 koloko madzulo.
>
> Pampu inafa Lolemba, mchenga unawononga zipangizo za m'kati. Chimanga cha mahekitala 12 chikumasula ndipo sichikuthiriridwa. Mmisiri akupita ku Limbe Lachisanu m'mawa kukagula zipangizo, ndipo wati pofika Lamlungu madzi adzakhala akutuluka. Yatsopano ndi K2,300,000 ndipo ingatenge masabata atatu, n'chifukwa chake komiti yasankha kukonzetsa.
>
> Kotesheni ya mmisiri ndi maminitsi a komiti ndatumiza pamodzi ndi imelo ino.
>
> Zikomo,
> Mlembi wa sikimu

Mawu sakufika 90. Amene angawerenge mizere iwiri yoyambayo n'kuitanidwa kwina, wadziwa kale chomwe chikumudikira. Amene angamalize yonse akhoza kuyankha ndi liwu limodzi loti "Ndavomera", ngakhale ataima pa mzere ku banki.

Munasankha bwanji zotsala ndi zochotsa?

Chiganizo chilichonse ndinachifunsa funso limodzi: bwanayu atapanda kudziwa ichi, kodi yankho lake lingasinthe? Ngati lingasinthe, chitsale. Ngati ayi, chichoke kapena chipite ku pepala lomata.

Ndime yoyamba yonse inagwa, kupatula moni wa mzere umodzi. Ndime yachiwiri inagwa chifukwa inayamba ndi "monga mukudziwa", ndipo zomwe munthu akudziwa kale sizifunika kumuuzanso. Ndinangopulumutsamo mahekitala 12, chifukwa ndiwo akuonetsa kukula kwa chomwe chingatayike. M'ndime yachitatu, mapanelo, mawaya ndi njinga yamoto ya mmisiri zinachoka. Zinali umboni woti sitinagone, koma bwana sanafunse ngati tinagona. Chinatsala ndi chomwe chawonongeka ndi chifukwa chake.

Ndime yachinayi ndiyo inali ndi nyama, koma yosakanikirana ndi mafupa. Ndani ananena chiyani pa msonkhano ndi nkhani ya maminitsi. Mlonda ndi ng'ombe ndi nkhani ya tsiku lina. Koma mtengo wa pampu yatsopano ndinausunga mwadala, chifukwa munthu aliyense wosunga ndalama akamva zokonzetsa chinthu chakale, funso lake loyamba limakhala loti bwanji osagula china. Mukaliyankha asanafunse, mwapulumutsa tsiku lathunthu la kutumizirana maimelo.

Mawu oti "chikumasula" ndinawakweza kuchoka kumapeto kubwera pafupi ndi pempho. Aliyense wodziwa ulimi amadziwa kuti chimanga chikasowa madzi pa nthawi yotulutsa ngayaye ndi ndevu, zisononkho zimakhala ndi magweru, ndipo madzi obwera mochedwa sangabwezeretse. Ndi dzuwa la kuno la mu Sepitembala, mawu amodziwo akufotokoza kufulumira kwa nkhani kuposa kulemba "mwachangu" katatu.

Palibe chomwe munachotsa molakwa?

Chilipo, ndipo ndachisiya dala m'chitsanzomo kuti muchione. Ndi K310,000 ya zopereka za mamembala ija. Inagwa pamodzi ndi ndime yachiwiri ngati mbiri chabe. Koma ifunseni funso lija: bwana atadziwa kuti sikimu ili ndi K310,000 yakeyake, kodi yankho lake lingasinthe? Inde, lingasinthe. Akhoza kunena kuti inu perekani yanuyo, ife tiwonjezere K170,000. Ndipo akadzazindikira pambuyo pake kuti ndalamayo inalipo koma simunaitchule, sadzati munafupikitsa, adzati munabisa.

Mankhwala ake ndi chiganizo chimodzi chowonjezera: "Zopereka za mamembala zilipo K310,000, koma K250,000 ndi ya malipiro a mlonda ndi oyang'anira pampu mpaka Disembala, choncho tingakwanitse K60,000 yokha." Mukalemba chomwechi, chiwerengero cha pamwamba nacho chisinthe, pempho likhale K420,000, ndipo pa mutu pakhalenso K420,000. Cholakwa chofala pofupikitsa ndi kusintha chiwerengero m'kati n'kuiwala pa mutu, ofesi ya za chuma n'kubweza pempho kuti manambala sakugwirizana.

Lumo lofupikitsira lili ndi khalidwe loipa: limakonda kudula mfundo zomwe zikutsutsana ndi pempho lanu, chifukwa zimaoneka ngati zikusokoneza. Mukamaliza kudula, bwererani ku zomwe mwataya muone ngati mulibe chomwe mwachitaya chifukwa chokuvutani osati chifukwa chosafunika.

Koma si mwano kuyamba ndi pempho? Kwathu kuno munthu safika pakhomo n'kuyamba nkhani asanapereke moni.

Funso ili ndi lomwe limagwira ambiri, ndipo ine linandigwira zaka. Tinakula tikudziwa kuti ukapita kwa amfumu umayamba wakhala pansi, kuwomba m'manja, kupereka malonje, kenako nkhani. Wofika n'kungoti "ndabwerera chakuti" timati alibe mwambo. Ndiye chala chimakana kulemba pempho pa mzere wachiwiri.

Koma taganizirani chomwe malonje amachita pakhomo. Mwini nyumba akukuonani nkhope, akuona ngati mwabwera wothamanga kapena woyenda pang'onopang'ono, ndipo mukafika ndi thukuta iye yemwe amadula moni n'kufunsa kuti "Kwagwanji?" Ndiponso wobwera kudzanena kuti madzi a Ruo akulowa m'mudzi safunsa za ana mmodzimmodzi. Mwambo wathu womwewo umadziwa kusiyanitsa mlendo wodzacheza ndi mthenga. Imelo ilibe nkhope kapena thukuta. Bwana sangaone kuti mwathamanga pokhapokha mutalemba ngati mthenga.

Choncho moni musauchotse, muufupikitse. Mzere umodzi ukukwana: "Bwana, ndikhulupirira muli bwino", kapena "Mayi, mwaswera bwanji". Ulemu weniweni uikeni m'kapangidwe ka pempholo. "Tikupempha kuti muvomereze" ndi mawu a munthu wodzichepetsa koma omveka. "Vomerezani" ndi lamulo, ndipo kwa wamkulu sayenera. "Mwina muone mmene mungatithandizire" akuoneka aulemu kuposa onse, koma ndi omwe amamupatsa wamkulu ntchito yoganiza chomwe inu mukufuna, ndipo akalephera kuganiza bwino mumamunenera kumbali kuti sathandiza. Kuthokoza za ulendo wa mwezi watha, ngati mtima ukufunadi, kuikeni kumapeto, pempho litamveka kale.

Pali anthu ena omwe ndimawatalikitsirabe moni: munthu yemwe ndikumulembera koyamba, kapena yemwe ndamva kuti anali ndi zovuta kwawo. Amene waferedwa sabata yatha simungamuyambe ndi pampu. Pamenepo chipepeso chimayamba, chachidule koma chochokera pansi pa mtima, kenako nkhani.

Pa mutu wa imelo ndilembepo chiyani?

Bokosi lolembedwa `Subject` lija ndilo lokhalo lomwe mungatsimikize kuti liwerengedwa. Pa foni munthu amaona dzina la wotumiza, mutu, ndi mawu ochepa oyambirira, basi, ndipo mutu wautali umadukira panjira. Ndiye mawu olemera akhale kumayambiriro: "Chilolezo cha K420,000" kenako zinazo. Mitu monga "Lipoti", "Moni", "Nkhani ya sikimu" kapena "Pempho" siuza munthu kanthu.

Chenjerani ndi chizolowezi chofufuza imelo yakale ya bwana n'kudina `Reply` kuti musavutike kulemba adiresi. Pempho lanu la pampu limapita litavala mutu wa nkhani ya miyezi itatu yapitayo, n'kukakwiririka pansi pa zokambirana zakalezo. Nkhani yatsopano iyambe ndi imelo yatsopano.

Nanga ngati ndili ndi zinthu ziwiri kapena zitatu zofuna chigamulo?

Ngati zikupita kwa munthu mmodzi ndipo tsiku lake ndi limodzi, nenani pamwamba kuti zilipo ziwiri, n'kuzipatsa manambala, kuti woyankha athe kunena kuti choyamba inde, chachiwiri ayi. Mukazilemba m'ndime imodzi, adzayankha chosavutacho n'kusiya chinacho, ndipo simudzadziwa ngati wakana kapena sanachione.

Koma pampu ndi ng'ombe zolowa m'minda sizingayendere limodzi. Ina ikufuna yankho mawa, ina ikufuna kukambirana ndi eni ziweto ndi amfumu, mwina mwezi wonse. Mukazimanga pamodzi, yofulumira imayenda pa liwiro la yochedwa.

Zomwe ndachotsazo ndizitaye?

Ayi. Mbiri, maminitsi, kotesheni ndi zithunzi zipite ngati mafayilo omata, kapena pansi penipeni pa dzina lanu mutalemba kuti "Zambiri kwa ofuna kudziwa". Wa za chuma adzafuna kotesheni, ndipo wodzafufuza mabuku chaka chamawa adzafuna maminitsi. Lamulo ndi loti munthu athe kugamula asanatsegule fayilo iliyonse. Ndinaonapo imelo ya mzere umodzi yoti "Onani zomwe ndamata", chigamulo chili pa tsamba lachitatu la fayiloyo. Imeneyo ndi imelo ya ndime zisanu yomweyo, yangobisala m'thumba.

Kumbukiraninso netiweki ya kuno. Zithunzi zisanu ndi chimodzi za pampu zojambulidwa ndi foni zikhoza kusiya imelo yanu ili mu `Outbox` usiku wonse inu mukuganiza kuti inapita. Tumizani mawu okha poyamba, muone kuti alowa mu `Sent`, zithunzi zitsatire.

Ngati nkhani yake ndi yoipa, monga kukana pempho la munthu, ndiyambebe ndi chigamulo?

Kawirikawiri inde. Tiyerekeze kuti bwana uja akukana. Akayamba ndi ndime zitatu zoyamikira khama la alimi, ine ndikuwerenga mtima uli m'mwamba, n'kudzapeza "koma" m'ndime yachinayi, ululu wake umaposa. Choopsa china n'choti ndikhoza kuwerenga theka, n'kuthamangira kukauza komiti kuti zikuoneka kuti zatheka. Kukana kwabwino kumati: "Pepani, K420,000 sitingathe kuvomereza mwezi uno chifukwa ndalama za zokonzetsa zinatha. Chomwe tingathe ndi K150,000." Munthu wadziwa pomwe waima, ndipo tsiku lomwelo ayamba kufunafuna kwina.

Malire ake alipo. Uthenga wa maliro, kuchotsa munthu ntchito, kapena mlandu wokhudza mbiri ya munthu si zoyambira pa imelo n'komwe. Zimenezo ndi za pamaso kapena za pa foni, kalata imangotsatira.

Bwanji osangotumiza pa WhatsApp kapena uthenga wa pa foni?

Tumizani ndithu, koma ngati belu loitanira munthu ku imelo, makamaka pa nkhani ya ndalama pomwe ofesi idzafuna chilolezo cholembedwa. Ubwino wa kuika chigamulo pamwamba ndi woti uthenga wa pa foni mwaulemba kale, mungokopera:

> Bwana, tikupempha muvomereze K420,000 yokonzetsera pampu pofika Lachinayi 4 koloko. Yafa Lolemba, chimanga chikumasula. Zambiri pa imelo. Mlembi wa sikimu

Uthenga umodzi wa SMS umanyamula zilembo 160, kuwerengera ndi mipata yomwe, ndipo uwu uli ndi 154. Pali kamsampha kamodzi ka ife olemba Chichewa: mukaikamo chilembo cha ŵ, foni imasinthira ku kalembedwe kena komwe uthenga umodzi umangonyamula zilembo 70, ndiye uthenga womwewo umagawika patatu n'kudya mayunitsi katatu. Pa SMS lembani w wamba.

Chomwe sindilimbikitsa ndi uthenga wa mawu wa mphindi zinayi. Umakhala ndi matenda onse a imelo ya ndime zisanu, kuwonjezapo loti munthu sangauyang'ane mwachangu ali pa msonkhano, ndipo chiwerengero chomwe mwatchula sangachikopere.

Ofesi yathu timalemba m'Chingerezi. Zimenezi zikugwiranso ntchito?

Zikugwira, ndipo mwina kuposa. Ambiri tikamalemba Chingerezi timatalikitsa poopa kuoneka osaphunzira, n'kudzaza mawu aja tinaloweza pophunzira kalata ya ntchito ku sekondale. Ine ndimayamba ndanena pempholo mokweza m'Chichewa, ngati ndili pa windo la minibasi lija, ena amatero m'Chisena, kenako n'kulemba Chingerezi chake chosavuta. Chiganizo chomwe chakanika kutuluka m'chinenero cha kwanu sichingatuluke bwino m'chinenero cha eni.

Ndilembe kwa anthu angati?

Chigamulo chili ndi mwini mmodzi, ndipo dzina lake lokha ndilo likhale pa `To`. Ena ofunika kungodziwa, monga wa za chuma kapena mlangizi wa m'dera, akhale pa `Cc`. Mukaika anthu asanu pa `To` n'kuyamba ndi "Okondedwa nonse", aliyense amaganiza kuti mnzake ayankha. Ngati wa za chuma nayenso ali ndi chochita, mutchuleni pa mzere wakewake: "Mayi a za chuma, bwana akavomera, ndalama ipite ku akaunti ya sikimu Lachinayi lomwelo."

Ndingadziwe bwanji kuti ndafupikitsa mopitirira?

Yankho lomwe labwera limakuuzani. Akayankha ndi mafunso, monga "Pampu iti?", "Ndalama zingati?", "Bwanji osagula yatsopano?", mwadula mpaka pa fupa, ndipo funso lililonse likuloza chiganizo chomwe chinayenera kutsala. Akayankha kuti "Talandira, zikomo" popanda inde kapena ayi, ndiye kuti pempho silinaoneke, kaya chifukwa chokwiririka kaya chifukwa chofunda ulemu wambiri.

Musanatumize, patsani foni munthu yemwe sanali pa msonkhano, awerenge kamodzi, mulande foniyo, n'kumufunsa kuti bwana akupemphedwa chiyani ndipo pofika liti. Ine ndinkayesera pa mayi wina wogulitsa masawu pafupi ndi ofesi yathu. Tsiku lina anandiyankha kuti, "Achimwene, apa ndamva kuti muli pa mavuto, koma chomwe mukufuna sindinachimve." Ndinabwerera kukalembanso.

Onaninso mawu monga "mawa", "sabata ino" ndi "posachedwa". Imelo yolembedwa Lachiwiri usiku n'kuwerengedwa Lachitatu masana, "mawa" wake ndi uti? Lembani dzina la tsiku, deti ndi ola.

Kodi ndingalembe kuti "ndikapanda kumva kwa inu, ndipitiriza"?

Pa zinthu zomwe zili kale m'mphamvu zanu ndipo zingabwezedwe, monga kusuntha tsiku la msonkhano, mawu amenewa amathandiza, bola mupereke nthawi yokwanira. Pa ndalama za eni, ayi. Chete si chilolezo, ndipo mukauza mmisiri kuti ayambe ntchito podalira chete wa bwana, ngongoleyo ikhoza kukhala yanu. Chomwe mungalembe ndi zotsatira za kuchedwa, mosaopseza: "Yankho likapitirira Lachinayi, mmisiri adzapitanso ku Limbe sabata yamawa, ndipo chimanga chidzakhala masiku oposa khumi chopanda madzi."

Tsiku lafika, sanayankhe. Nditani?

Musalembe imelo yatsopano yofotokozanso zonse, ndipo musayambe ndi kudandaula. Dinani `Reply` pa yomwe munatumiza ija kuti zonse zikhale pamodzi, mulembe mizere iwiri: "Bwana, ndikukumbutsa za chilolezo cha pampu chomwe chikufunika lero 4 koloko. Zonse zili m'munsimu." Chitani zimenezi m'mawa wa tsikulo, osati ola litakwana. Pakatha maola awiri, imbani foni. Akavomera pakamwa, thokozani, ndipo mukangodula lembani mzere umodzi: "Monga tagwirizana pa foni lero 11 koloko, mwavomereza ndalama yokonzetsera pampu. Chonde tsimikizani poyankha imelo ino."

Pa nkhani yathu ija, ine ndinadikira Lachitatu lonse ndi Lachinayi lonse ndikukhulupirira kuti "talandira" uja atsatidwa ndi yankho lenileni. Mmisiri anapita ku Limbe Lachisanu kukagula za makasitomala ena, zathu ayi. Yofupikitsidwayo ndinaitumiza Lolemba lotsatira, nditasintha madeti, ndipo chilolezo chinabwera pasanathe ola. Madzi anayambanso kuyenda m'ngalande patatha masiku khumi ndi awiri chifere pampu. Minda ya kufupi ndi mtsinje, komwe alimi ankatunga ndi makheni m'mawa ndi madzulo, inapulumuka. Ya kumtunda, mahekitala ngati anayi, tinakolola zisononkho za magweru.